Makoswe a pa mzere 217

Nditamaliza kulemba macheza omaliza, ndinapita ku Kapata kukasindikiza zonse, n'kubwera kudzaziyala pa mphasa. Anali masamba 204. Kabungwe kamene kanandituma kankafuna tsamba limodzi lokha: tebulo loonetsa mitu ikuluikulu, kuchuluka kwa anthu amene anakhudza mutu uliwonse, ndi mawu a alimi eni ake oimira mutuwo. Funso limene tinapita nalo kumidzi linali lakuti, n'chifukwa chiyani alimi a nshawa amagulitsa mu Meyi ndi Juni mtengo uli pansi, pamene aliyense akudziwa kuti pofika Okutobala ndi Novembala, anthu akamasaka mbewu, nshawa zimakwera mtengo?

Ndinacheza ndi anthu 18 cha ku Kasenengwa ndi ku Chipangali, kuno kum'mawa kwa Zambia, amayi 11 ndi abambo 7, aliyense pafupifupi mphindi 40. Pamodzi anali maola 12 a mawu ojambulidwa pa foni. Kuchoka pa masamba 204 kufika pa tsamba limodzi ndi kutaya zinthu zambiri, ndipo amene akutayayo ndi ine. Mlimi palibe pamenepo kuti anene kuti ayi, sindinatanthauze zimenezo. N'chifukwa chake chinthu chimene ndimachiumirira pa ntchito imeneyi n'chakuti mzere uliwonse wa pa tebulo lomaliza ukhale ndi njira yobwerera m'mbuyo, kuchoka pa mutu kufika pa khodi, imene ndi dzina lalifupi lopatsidwa chiduswa cha mawu, kenako pa chiduswacho, mpaka pa mphindi yeniyeni imene munthuyo anatsegula pakamwa. Ndikufuna kufotokoza mmene njirayo imamangidwira, ndi tsiku limene inandipulumutsa.

Kulemba macheza kumadya nthawi kuposa mmene ambiri amaganizira. Ola limodzi la mawu limanditengera maola asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi ngati kumbuyo kukulira tambala kapena chigayo. Macheza 11 ndinalemba ndekha, ndipo 7 anandilembera mphwanga. Tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, kulemba m'chinenero chimene munthu wayankhula. Kuno kwathu munthu amayamba chiganizo m'Chichewa, n'kudutsa m'Chinsenga, n'kumaliza ndi liwu la Chingerezi, ndipo zonsezo zizilembedwa mmene zilili, osamasulira. Chachiwiri, kulemba nthawi ya pa foni mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Chachitatu chimene ndinayenera kumuuza sindinamuuze: kuti azilemba pamene munthu waseka, pamene wakhala chete, ndi pamene watsitsa mawu. Ine ndinkachita zimenezo mwachizolowezi, ndiye sindinaganize zozitchula.

Sabata yoyamba sindinaike khodi ngakhale imodzi. Ndinkangowerenga, pensulo ili m'manja, n'kumalemba m'mphepete zimene zandigwira. Virginia Braun ndi Victoria Clarke, amene mu 2006 anafotokoza njira yosanthula mitu imene ambiri timatsata, anaigawa m'masitepe asanu ndi limodzi, ndipo loyamba ndi lomweli, kuzolowerana ndi zimene anthu ananena. Ambiri timalidumpha chifukwa limaoneka ngati sitikugwira ntchito. Koma ukayamba kuika makhodi pa macheza oyamba usanawerenge omaliza, munthu woyambayo ndiye amakupangira makhodi onse, ena 17 n'kumangokankhidwira m'mabokosi ake.

Khodi ndi dzina lalifupi limene umapatsa chiduswa cha mawu, lonena zimene chiduswacho chikukamba. Pali mapulogalamu opangidwira ntchito imeneyi, monga NVivo ndi ATLAS.ti amene ndi olipira, komanso Taguette ndi QualCoder amene ndi aulere. Pa macheza 18 ine ndinagwiritsa ntchito Excel, ndipo inakwanira. Tsamba langa linali ndi madanga asanu: A munthu, B nthawi ya pa foni, C mawu ake enieni, D khodi, E ndemanga yanga. Amayi ndinawapatsa manambala M01 mpaka M11, abambo B01 mpaka B07. Mayina enieni anali m'kope lina, lotsekeredwa kwina, losakhudzana ndi kompyuta. Mzere uliwonse umanyamula khodi imodzi yokha. Chiduswa chikakhala ndi nkhani ziwiri, ndimachikopera m'mizere iwiri. Zimaoneka zobwereza, koma ukadzafuna kusefa ndi Filter kapena kuwerenga, danga lokhala ndi makhodi awiri olekanitsidwa ndi mpumiro limakusokoneza. Chiduswa chizikhala chachitali mokwanira kuti munthu amene sanawerenge macheza onse achimve. Yankho lakuti "Eya, chaka chilichonse" silinena kanthu palokha, ndiye pamenepo ndimatenga ndi funso lomwe.

Ndinamaliza ndi mizere 412 ndi makhodi 53. Vuto loyamba linaonekera nditangowerenga kukula kwa khodi iliyonse. Khodi yakuti NDALAMA inali ndi ziduswa 96, zochokera kwa anthu onse 18. Ndikanaisiya choncho, tebulo likanati alimi amagulitsa msanga chifukwa chosowa ndalama, zimene wa njinga aliyense wa pa Saturday Market akanandiuza popanda kupita kumudzi. Khodi imene aliyense akugweramo siikulekanitsa kanthu. Njira yoyesera ndi yosavuta: tapa ziduswa khumi mosasankha, uziwerenge motsatizana, ndipo uyese kunena chiganizo chimodzi choona pa zonse khumi. Ngati chiganizocho chikungobwereza dzina la khodi, ndiye kuti khodiyo ndi thumba lotayiramo zinthu, iyenera kung'ambidwa.

Nditaing'amba munatuluka zinthu zosiyana kwambiri. Munali kaloba, ngongole ija yakuti ukatenga 100 kwacha umabweza ndi chiwongoladzanja chachikulu pa nthawi yochepa. Munali ngongole ya pachibale, yobweza mmene unatengera. Munali mbewu yobwereka, imene imabwezedwa ndi nshawa zomwe. Munali malipiro a aganyu amene anapalira ndi kuzula. Munali matenda ndi maliro. Munalinso za sukulu, ndipo apa ndinafunika kumvetsera bwino. Kuyambira mu Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake, komabe amayi ambiri ankati "ndinagulitsa chifukwa cha sukulu". Powerenga ziduswazo bwinobwino, ankanena za yunifolomu, nsapato, makope, ndalama ya mwana wogonera kusukulu, ndi wina amene ali ku koleji. Temu yachiwiri imatsegulira mu Meyi, nthawi yomwe nshawa zauma kumene. Ndikanalemba khodi yakuti FIZI, wowerenga wa ku Lusaka akanati alimiwa akunama kapena wofufuzayu sadziwa kuti fizi inatha. Ndinalemba ZA_SUKULU, n'kufotokoza zimene zili m'katimo.

Taonani kuti kusiyana konseku kunapulumuka chifukwa macheza anali asanamasuliridwe. Womasulira wofulumira akapeza kaloba, ngongole ndi kubwereka, amaziika zonse pa liwu limodzi la Chingerezi. Pamenepo nkhani yatayika khodi isanayambe n'komwe, pakuti mayi amene ali ndi kaloba sangadikire ngakhale sabata, pamene amene anabwereka kwa mlamu wake angathe kupempha kuti amudikire.

Mbali inayo kunali makhodi a chiduswa chimodzi chimodzi, ambiri ofanana koma osiyana mayina chifukwa ndinawapanga masiku osiyana. Nditaphatikiza ndi kung'amba, makhodi anatsala 21. Iliyonse ndinailembera tanthauzo pa tsamba lachiwiri, limene ndimalitcha buku la makhodi. Tanthauzo labwino limanena zimene zikulowa, zimene sizikulowa, ndi chitsanzo chimodzi:

```
KALOBA
Zolowa: ngongole ya ndalama yobweza ndi chiwongoladzanja, kwa munthu wamba
Zosalowa: ngongole ya pachibale (NGONGOLE_PACHIBALE), mbewu (MBEWU_YOBWEREKA)
Chitsanzo: B03, 14:20
```

Mzere wa zosalowa ndi umene umagwira ntchito yaikulu. Popanda iwo, tanthauzo la khodi limasuntha pang'onopang'ono iwe osazindikira, moti KALOBA ya Lolemba ndi KALOBA ya Lachisanu zimakhala zinthu ziwiri.

Tsopano ndifike pa mzere 217.

Ndinapempha mayi wina amene tinagwirapo naye ntchito, wamkulu kwa ine, wokulira kumudzi ku Chadiza, kuti atenge buku la makhodi ndi macheza atatu opanda mayina, aike makhodi payekha osaona anga. Zinali ziduswa 60. Tinafanana pa 41, tinasiyana pa 19. Ena amawerengera kufanana kotere ndi masamu apadera n'kulemba nambala mu lipoti. Kwa ine phindu linali m'ziduswa 19 zija, chifukwa chilichonse chinkaloza pamene tanthauzo langa linali lofooka kapena pamene sindinamve. Zambiri zinatha msanga. Koma atafika pa chiduswa china anaima, n'kuvula magalasi.

Chiduswacho, cha pa mzere 217 wa tsamba langa, chinali cha M07, pa 23:10. Chinalembedwa motere: "Kusunga? Ine sindisunga. M'nyumba mwanga muli makoswe. Thumba limachepa, koma pobooka simupaona." Ine ndinaika MAKOSWE, pamodzi ndi ena odandaula za tizilombo ndi chuku. Iwo anasiya danga lopanda kanthu.

"Mwananga," anatero, "khoswe wanji amene amadya nshawa osaboola thumba?"

Ndinati mwina mayiyo ankatanthauza kuti bowo limakhala pansi, posaoneka.

"Ayi. Mawuwo muli nawo? Tabwezani timve."

Chifukwa danga B linali ndi nthawi, sizinatenge mphindi kupeza malowo. Titamvetsera, M07 atangonena kuti makoswe anaseka, ndipo mayi wina amene anali naye pafupi akusenda nshawa anaseka kwambiri, mpaka kuomba m'manja. Kenako M07 anatsitsa mawu ponena za thumba. Awa anali amodzi mwa macheza amene analemba mphwanga, ndipo kusekako kunalibe pa pepala.

"Amayi, ndiye kuti akunena munthu?"

"Akunena abambo akunyumba. Koma musandikhulupirire ine. Werengani kutsogolo, muone ngati ananena yekha."

Mawu omalizawa ndi amene ndimawakumbukira kwambiri, pakuti panali ngozi ina yondidikira. Ukangozindikira kuti makoswe angakhale anthu, mtima umafuna kuti makoswe onse akhale anthu, chifukwa nkhaniyo ndi yokoma kuposa ya makoswe enieni. Tinawerenga kutsogolo, ndipo pa 31:40 M07 anati: "Lero atapa meda imodzi, mawa ina, akuti ndikabwezera. Ndiye bola ndigulitse zonse tsiku limodzi, ndalama ndiione ndi maso." Chiduswa chimenechi ndinali nditachiika pansi pa khodi ina, osaona kuti chikumasulira cha pa 23:10.

Usiku umenewo ndinasefa MAKOSWE. Zinali ziduswa 17. Ndinamvetseranso chilichonse pa foni, kuyambira mphindi imodzi chisanayambe mpaka mphindi imodzi chitatha. Khumi ndi chimodzi zinali za makoswe a michira: anthu ankatchula nkhokwe, mphaka, mankhwala, makoko opezeka m'mawa. Zisanu ndi chimodzi zinali ndi kuseka kapena kutsitsa mawu. Mwa zimenezi, zinayi zinali ndi umboni kwina m'macheza a munthu yemweyo, pamene anatchula poyera mwamuna, mwana wamkulu kapena mlamu wotapa. Zinayizo ndinazisamutsira ku khodi yatsopano, KUTAPA_MNYUMBA. Ziwiri zotsala zinalibe umboni wina kupatula kuseka, ndipo munthu angaseke pa zifukwa zambiri. Ndinazisiya pa MAKOSWE, n'kulemba kukayika kwanga mu danga E. Kenako ndinabwerera ku macheza onse 7 a mphwanga, n'kuwamvetsera kuyambira pachiyambi ndikuonjezera kuseka ndi chete. Zinanditengera masiku awiri.

Khodi yatsopanoyi ndi imene inasintha tebulo. Kufikira nthawi imeneyo ndinali ndi khodi ina yakuti OPEMPHA, ya achibale ndi anansi obwera ndi mbale akamva kuti pakhomo pali nshawa, koma sindinkadziwa poiika. Nditalemba makhodi 21 aja, tsopano 22, pa timapepala n'kutiyala pa mphasa, OPEMPHA ndi KUTAPA_MNYUMBA zinakhala pamodzi zokha. Zonse zinkanena kuti nshawa ikakhala m'nyumba siikhalanso ya mwini yekha. Apa m'pamene pali kusiyana kwa khodi ndi mutu. Khodi ndi dzina, mutu ndi chiganizo chimene chikuyankha funso la kafukufuku, chimene munthu angachitsutse. "Mavuto a kasungidwe" si mutu, ndi chikwangwani chabe, ndipo pansi pake makoswe a mitundu yonse iwiri akanagona pamodzi mpaka lero. "Nshawa zosungidwa zimatha ndi manja a anthu a pakhomo" ndi mutu, chifukwa ukunena chinthu, ndipo wina angatenge macheza n'kuona ngati ndi zoona.

Kuti ndione amene ali pansi pa mutu uliwonse, ndinapanga tsamba lachitatu motsata njira imene Jane Ritchie ndi Liz Spencer anayambitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1980: anthu motsika, mitu mopingasa, ndipo m'bokosi lililonse mawu ochepa ofupikitsa zimene munthuyo ananena pa mutuwo. Ubwino wake ndi wakuti mabokosi opanda kanthu amaonekera. Pa mutu wa manja a anthu a pakhomo, amayi 9 mwa 11 anali ndi mawu, koma mwa abambo 7 anali mmodzi yekha. Kuno kum'mawa nshawa kuyambira kale imadziwika kuti ndi mbewu ya amayi, ndiye kusiyana kotere sikodabwitsa. Komabe bokosi lopanda kanthu silitanthauza kuti vutolo palibe. Nditayang'ana m'kope langa la kumudzi, ndinapeza kuti abambo ambiri ndinacheza nawo pabwalo, anzawo ali pafupi, ndipo palibe amene ndinamufunsa mwachindunji za otapa. Zimenezi ndinazilemba pansi pa tebulo, kuti wowerenga asaganize kuti abambo anafunsidwa n'kukana.

Pa kawerengedwe pali msampha wina. KALOBA inali ndi ziduswa 23, ndipo poyamba inkaoneka ngati nkhani yaikulu kuposa zonse za ngongole. Koma ziduswa 11 zinali za B03 yekha, amene kaloba anamupweteka chaka chimenecho ndipo ankabwerera ku nkhaniyo pa funso lililonse. Chofunika kuwerenga ndi anthu, osati ziduswa. Njira yoyamba pansipa imawerenga ziduswa, yachiwiri imawerenga anthu, ndipo yachiwiriyo imagwira mu Google Sheets ndi mu Excel yatsopano:

```
=COUNTIF(D2:D413,"KALOBA")
=COUNTA(UNIQUE(FILTER(A2:A413,D2:D413="KALOBA")))
```

Yoyamba inapereka 23, yachiwiri 6. Chenjerani kuti mukalakwitsa kalembedwe ka khodi, yachiwiriyo imapereka 1 m'malo mwa 0, chifukwa imawerenga uthenga wa cholakwa ngati munthu. Pa tebulo ndimalemba "6 mwa 18", sindilemba maperesenti. Anthu 18 amenewa sanasankhidwe mwa maere kuti aimire chigawo chonse, ndipo peresenti ikangolembedwa imayenda yokha, mawa n'kuimva pa msonkhano ikunenedwa ngati ya alimi onse a kum'mawa.

Kusankha mawu oimira mutu ndi pamene mtima umanyenga kwambiri. Panali agogo ena, B05, odziwa kuyankhula, amene chiganizo chilichonse ankachimanga ndi mwambi. Nditawafunsa chifukwa chogulitsira msanga anati, "Mwana wanga, chakudza sichiimba ng'oma." Pa tebulo langa loyamba, mawu atatu mwa anayi anali awo. Koma agogowa anali ndi ng'ombe, ana ogwira ntchito m'tauni, ndipo analibe ngongole. Mawu awo anali okoma kuwerenga, koma moyo wawo sunali wa ambiri amene ndinacheza nawo, ndipo mwambiwo ukanakwanira pa mutu uliwonse, zimene zikusonyeza kuti sunkanena za mutu uliwonse makamaka.

Tsopano ndimachita motere. Ndimasefa ziduswa zonse za mutu umodzi, n'kuziwerenga pamodzi, n'kulemba m'mawu anga chimene ambiri akunena. Kenako ndimafunafuna chiduswa chimene chikunena chomwecho, chomveka chokha popanda kufotokozera, ngakhale chikhale chosakometsera. Nthawi zambiri chimachokera kwa munthu wa mawu ochepa. Munthu mmodzi asaonekere kawiri pa tebulo laling'ono. Pokonza mawu ndimachotsa chibwibwi ndi kubwereza kopanda tanthauzo, ndipo pamene ndadula ndimaika madontho atatu. Sindilumikiza chiganizo cha pa mphindi 12 ndi cha pa mphindi 30 kuti zioneke ngati zinanenedwa pamodzi, ngakhale zitagwirizana bwanji. Sindikonzanso Chinsenga kuti chikhale Chichewa cha m'buku. Tebulo linatuluka motere:

| Mutu | Makhodi | Anthu | Mawu oimira |
|---|---|---|---|
| Nshawa ndi ndalama yoyamba ya chaka, chimanga chisanaume | ZA_SUKULU, MATENDA_MALIRO, ZA_PAKHOMO | 14 mwa 18 | "Sukulu ikatsegula mu Meyi chimanga chili m'munda. Chili pafupi ndi nshawa, ndiye ndizo zimapita." (M02, 09:15) |
| Nshawa zimakhala ndi eni ake zisanazulidwe | KALOBA, NGONGOLE_PACHIBALE, MBEWU_YOBWEREKA, GANYU | 12 mwa 18 | "Pozula ndimakhala ndawerenga kale: awa a amene anandipatsa mbewu, ili la aganyu. Anga ndi otsala." (M11, 17:50) |
| Nshawa zosungidwa zimatha ndi manja a anthu a pakhomo | OPEMPHA, KUTAPA_MNYUMBA | 10 mwa 18 (amayi 9, bambo 1) | "Zikakhala m'nyumba aliyense adziwa kuti zilipo. Uyu meda, uyu mbale. Pomati ugulitse, thumba lafika pakati." (M04, 26:05) |
| Kusunga n'kutchova: zikaonongeka wataya zonse | MAKOSWE, CHUKU, AKUBA | 8 mwa 18 | "Chaka china ndinasunga, zinachita chuku, wogula anakana. Sindinabwerezenso." (B02, 21:30) |
| Amene anasunga | ANASUNGA | 3 mwa 18 | "Ndinakasiya kwa amayi anga. Pano zikanatha." (M09, 33:00) |

Manambala a anthu akaphatikizidwa amaposa 18 chifukwa munthu mmodzi amapezeka m'mitu ingapo. Makhodi ena sanalowe pa tebulo chifukwa sankayankha funso, monga madandaulo a masikelo a ogula. Sindinawataye, ali pa tsamba lawo.

Mzere womalizawo a kabungwe anafunsa ngati ukufunikadi, popeza funso linali la ogulitsa msanga. Ndinaukakamira. Anthu atatu amene sanachite zimene ena onse anachita ndi amene amayesa mitu inayi ija. Ngati mitu yanga ili yoona, atatuwa ayenera kukhala atapeza njira yozemba zimene zinakakamiza anzawo. Nditawerenganso macheza awo athunthu, onse atatu analibe kaloba chaka chimenecho. Awiri anali ndi dimba lobweretsa ndalama ya masamba mu Meyi. Ndipo M09 anachita kunyamula matumba ake n'kukawasiya kumudzi kwa amayi ake, zimene zinatsimikizira mutu wachitatu kuposa chiduswa china chilichonse. Mmodzi wa iwo akanakhala ndi ngongole, opempha, ndi mwana wa sukulu, koma n'kusungabe, ndikanadziwa kuti pali chinthu chimene sindinachione, ndipo ndikanabwerera ku mphasa.

Kumasulira m'Chingerezi kunabwera pomaliza penipeni, ndipo ndinamasulira mawu asanu okha a pa tebulo, osati masamba 204. Chichewa chinakhala pamwamba, Chingerezi pansi pake, kuti wodziwa zinenero zonse aone yekha ngati ndapotoza. Meda ndinaisiya meda, n'kufotokoza pansi kuti ndi kachitini koyezera ka malita asanu.

Mwaona kuti pa mutu wachitatu palibe makoswe a M07, ngakhale kuti ndi iwo anatsegula mutuwo. Chifukwa chimodzi n'chakuti mawuwo samveka okha, amafuna kuseka kuja ndi chiduswa cha pa 31:40. Koma chifukwa chachikulu chinali china. Tebulo linali loti likawerengedwe pa msonkhano wa kopaletivu, pamaso pa amuna a amayi omwewo. Kuchotsa dzina sikubisa munthu kumudzi. Anthu amadziwana ndi kayankhulidwe, ndipo mayi uja amene ankasenda nshawa pambali anamva zonse. Lamulo la dziko lino loteteza mbiri za anthu la 2021 limafuna kuti zimene munthu wakupatsa uzigwiritse ntchito pa zimene anavomera. M07 anavomera kuthandiza kafukufuku wa mitengo ya nshawa, sanavomere kuti akatchule mwamuna wake khoswe pamaso pa mudzi. Ngakhale khodi yakuti KUTAPA_MNYUMBA sinaoneke pa pepala la kumsonkhano. Kumeneko tinapita ndi mitu ndi mawu oimira okha, opanda manambala a anthu ndi nthawi, ndipo mawu a M04 ndinawasankha podziwa kuti sakuloza munthu mmodzi.

Patapita miyezi ndinabwerera kuderako pa ntchito ina, ndipo ndinadutsa pakhomo pa M07. Titapatsana moni ndinawauza kuti mawu awo a makoswe anandiphunzitsa chinthu, ndipo ndikufuna kudzawalemba pofotokozera ena ogwira ntchito ngati yanga. Anafunsa ngati dzina lawo kapena la mudzi lidzatchulidwa. Ndinati ayi, ndipo ngakhale nambala imene ndidzalembe siidzakhala imene ili m'kope langa. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Lembani, achimwene. Pakhomo pano si pokhapo pali makoswe otere." Chaka chimenecho anali atagulitsa matumba atatu mu Juni, ndipo limodzi anakalisiya kwa mkulu wawo.